Inshuwalansi ya zachipatala ya wophunzira wakunja ku South Africa: zimene imalipira, zimene imasiya ndi kapemphedwe ka ndalama

Wophunzira wochokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku dziko lina lililonse amene akufuna viza ya maphunziro ya ku South Africa ayenera kusonyeza umboni woti ali ndi inshuwalansi ya zachipatala, ndipo malamulo a zolowa ndi kutuluka a dzikolo a chaka cha 2014 amanena kuti inshuwalansiyo ikhale ya sikimu imene inalembetsedwa pansi pa lamulo la Medical Schemes Act la chaka cha 1998. Ophunzira ambiri amaiona inshuwalansiyi ngati pepala longothandiza kupeza viza, amalipira, kalata amaipereka ku ofesi ya kazembe, khadi n'kuliponya m'sutikesi. Vuto limadzaonekera tsiku lodwala, chifukwa sikimu silipira kaamba koti munthu wadwala basi, koma imalipira ngati wodwalayo wapita kwa dokotala woyenera, watenga chilolezo pamene chikufunika, ndipo mapepala ake afika mu nthawi yake atalembedwa molondola. Malangizo awa akutsata njira imeneyo kuyambira posankha sikimu mpaka podandaula ndalama zikakanizidwa.

Choyamba: tsimikizani kuti mukugula sikimu yeniyeni

Ku South Africa kuli mitundu iwiri ya chitetezo cha zaumoyo imene imafanana pa mapepala otsatsira malonda koma ndi yosiyana kwambiri pa malamulo. Mtundu woyamba ndi sikimu ya zachipatala, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la Council for Medical Schemes, ndipo mtundu wachiwiri ndi inshuwalansi wamba ya makampani imene imapereka ndalama zakutizakuti pa tsiku lililonse limene munthu wagona m'chipatala. Mtundu wachiwiriwu ndi wotchipa, n'chifukwa chake umakopa, koma sulandiridwa pa viza ya maphunziro. Chimodzimodzinso inshuwalansi ya paulendo imene imagulitsidwa limodzi ndi tikiti ya ndege, ngakhalenso umembala wa MASM umene banja lanu lingakhale nawo ku Malawi, chifukwa mabungwe amenewa sali m'kaundula wa Council for Medical Schemes. Mndandanda wa masikimu olembetsedwa umapezeka pa tsamba la bungwelo, ndipo ndi bwino kuona dzina la sikimu pamenepo musanatumize ndalama kwa aliyense.

Mayunivesite monga Wits, Pretoria, Cape Town ndi Rhodes ali ndi maofesi oona za ophunzira akunja, ndipo maofesi amenewa ndi amene amayang'ana kalata ya sikimu asanakuloleni kulembetsa maphunziro a chaka chimenecho. Kalatayo iyenera kusonyeza dzina lanu monga momwe lilili mu pasipoti, nambala ya umembala, ndi tsiku loyamba ndi lomaliza la miyezi imene mwalipira. Nthawi zambiri ndalama za chaka chonse cha maphunziro zimalipidwa pakamodzi pachiyambi, ndipo chaka chotsatira mumalipiranso. Sikimu imodzi yodziwika pakati pa ophunzira akunja ndi Momentum, pa gawo lake lotchedwa Ingwe, koma ilipo ina, ndipo ofesi ya yunivesite yanu idzakuuzani imene imailandira ndi miyezi imene imafuna kuti ilipidwe.

Chachiwiri: lembani fomu mosabisa matenda, ndipo werengani za nthawi yodikira

Lamulo la ku South Africa sililola sikimu yotsegukira aliyense kukana munthu chifukwa cha matenda ake, ndipo silimaloranso kuti munthu wodwala alipiritsidwe ndalama zambiri kuposa munthu wathanzi pa gawo limodzi. Choncho palibe chifukwa chobisira mphumu, shuga, khunyu kapena HIV pa fomu yolowera. Chimene chimaika munthu m'mavuto ndi kubisako, popeza lamulo lomwelo limapatsa sikimu mphamvu yothetsa umembala wa munthu amene sanaulule nkhani yofunika, ndipo zimenezi zimatulukira nthawi yoipa, pamene sikimu yalandira bilu yaikulu n'kufunsa dokotala mbiri ya wodwalayo. Wophunzira amene umembala wake wathetsedwa amatsala ndi ngongole ya chipatala, komanso amatsala wopanda chitetezo chimene viza yake inadalira.

Chimene sikimu ingachite m'malo mokana munthu ndi kumuikira nthawi yodikira. Kwa munthu amene sanakhale membala wa sikimu ina ya ku South Africa m'masiku 90 apitawo, monga mmene alili wophunzira aliyense wongofika kumene, lamulo limalola miyezi itatu imene sikimu silipira chilichonse ngakhale mukupereka ndalama zanu, komanso miyezi 12 imene silipira matenda amene munalandirapo uphungu kapena chithandizo m'miyezi 12 musanalowe. Masikimu amene amasamalira ophunzira nthawi zambiri amachotsa kapena kufewetsa nthawi imeneyi, koma chimenechi ndi chisankho chawo, si lamulo, ndipo chimene chimagwira ntchito kwa inu ndi chimene chalembedwa pa kalata yanu yolandirira umembala. Mayi amene akulowa sikimu ali kale woyembekezera ayenera kufunsa mwachindunji ngati kuchira kwake kudzalipiridwa, ndipo yankho alilandire lolembedwa, osati la pa foni.

Pali mfundo ina imene imakhudza makamaka amene amapita kukachita digiri yachiwiri kapena yachitatu ali akuluakulu. Munthu wa zaka 35 kapena kuposerapo amene sanakhalepo membala wa sikimu ya ku South Africa angathe kuwonjezeredwa ndalama za chilango cholowa mochedwa, zimene zimayambira pa 5 peresenti ndipo zingafike pa 75 peresenti ya chopereka chake malinga ndi zaka zake. Zaka zimene munthu anakhala pa sikimu ya dziko lina kawirikawiri siziwerengedwa. Ngati muli pa msinkhu umenewu, funsani mtengo wanu weniweni musanauze amene akukulipirirani maphunziro kuti ndi zingati. Mukalowa, musalole kuti umembala uduke masiku oposa 90 pakati pa chaka china ndi chinzake, chifukwa mukatero mumabwerera pamzere wa munthu watsopano ndipo nthawi yodikira ingayambirenso.

Chachitatu: dziwani zimene sikimu imalipira

Maziko a chitetezo chonse ndi zimene mapepala a sikimu amazitchula kuti Prescribed Minimum Benefits, mwachidule PMB. Awa ndi matenda amene sikimu iliyonse yolembetsedwa iyenera kulipira mokwanira, ngakhale pa gawo lotchipa kwambiri, kupatula pa nthawi yodikira ya munthu wongolowa kumene ija, ndipo kulipirako kumaphatikiza kuyeza, kuchiza ndi kusamalira wodwala. Ali m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi matenda onse a mwadzidzidzi, kutanthauza vuto lobwera mosayembekezereka limene likufuna chithandizo nthawi yomweyo, limene likachedwetsedwa lingaike moyo pachiswe kapena kuwononga chiwalo. Gulu lachiwiri ndi matenda pafupifupi 270 amene analembedwa limodzi ndi chithandizo chake, ndipo m'gululi muli chifuwa chachikulu, khansa imene ingachizike ndi kuchira kwa amayi. Gulu lachitatu ndi matenda amgonagona 26, monga mphumu, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, HIV ndi matenda ena a maganizo.

Komabe mawu oti mokwanira ali ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amataya ndalama. Sikimu ili ndi ufulu wosankha madokotala, zipatala ndi mafamase amene mamembala ake ayenera kugwiritsa ntchito, ndipo m'mapepala amawalemba kuti DSP. Mukapita kwa amenewa, matenda a PMB amalipiridwa onse. Mukasankha nokha kupita kwina pamene osankhidwawo analipo, sikimu ingakuuzeni kuti mulipire gawo lina la bilu. Lamulo limakutetezani pokhapokha ngati simunapite kwinako mwakufuna kwanu, mwachitsanzo pamene chithandizo chimafunika nthawi yomweyo, pamene wosankhidwayo sakanatha kukuthandizani popanda kuchedwa kopyola muyezo, kapena pamene panalibe wosankhidwa aliyense pafupi ndi kumene mumakhala.

Pa matenda amgonagona pali ntchito ina imene munthu ayenera kuchita sabata yoyamba, isanafike nthawi imene mankhwala amene anabwera nawo atha. Kungolemba pa fomu yolowera kuti muli ndi mphumu sikutanthauza kuti mankhwala anu alipiridwa. Muyenera kupita kwa dokotala wa sikimu, iye akuyezeni ndi kutumiza pempho loti matendawo alembetsedwe, ndipo pokhapo ndi pamene famase imayamba kupereka mankhwala mwezi ndi mwezi popanda inu kutulutsa ndalama. Sikimu imakhala ndi mndandanda wa mankhwala amene imalipira, kotero mungapatsidwe mankhwala a dzina lina osati amene munazolowera, ngakhale mphamvu yake ili yomweyo. Kalata yochokera kwa dokotala wanu wakumudzi, yolembedwa m'Chingerezi, yofotokoza matenda, mankhwala ndi mlingo wake, imafupikitsa ntchitoyi kwambiri.

Kupatula PMB, magawo a ophunzira amalipiranso chithandizo cha tsiku ndi tsiku, koma chochepa ndiponso chomangidwa ndi malire: kuonana ndi dokotala wamba amene ali pa mndandanda wa sikimu, mankhwala amene iye walemba, kuyezetsa magazi ndi kujambulitsa ekisileyi kwa mtundu wamba, kuchotsa kapena kumata dzino, ndi magalasi a maso otsika mtengo amene nthawi zambiri amaperekedwa kamodzi pa zaka ziwiri. Dokotala wamba ameneyu ndiye khomo la zonse, pakuti kupita kwa katswiri wa matenda ena popanda kalata yake kumachititsa kuti bilu ikanidwe kapena ilipiridwe pang'ono chabe.

Chachinayi: dziwani zimene sikimu imasiya

Zina zimene sikimu silipira n'zosadabwitsa, monga opaleshoni yongokongoletsa thupi, mawaya owongola mano, mankhwala ochepetsa thupi ndi mavitamini ogula popanda kalata ya dokotala. Zimene zimapweteka ophunzira ndi zina zitatu zimene sizioneka msanga.

Chinthu choyamba ndi kusiyana kwa mtengo wa sikimu ndi mtengo wa dokotala. Kabuku ka sikimu kakanena kuti m'chipatala imalipira 100 peresenti, tanthauzo lake ndi 100 peresenti ya mtengo umene sikimuyo inadziikira yokha pa chithandizo chimenecho, osati ya ndalama zimene dokotala walemba. Akatswiri a m'zipatala zomwe si zaboma amene alibe mgwirizano ndi sikimu yanu angathe kulipiritsa kawiri kapena katatu kuposa mtengo umenewo, ndipo pa matenda amene si a PMB, kusiyanako kumagwera wodwala. Funso lofunika kufunsa mlembi wa katswiri musanalowe m'chipinda chake ndi loti kodi dokotala amalipiritsa pa mtengo wa sikimu yakutiyakuti.

Chachiwiri ndi chipinda cha odwala mwadzidzidzi cha chipatala chomwe si chaboma. Munthu akapita kumeneko usiku ndi chimfine champhamvu kapena kutsegula m'mimba, n'kuthandizidwa, n'kubwerera kunyumba osagonekedwa, sikimu imawerengera ulendo umenewo ngati chithandizo cha kunja kwa chipatala, ndipo pa magawo otchipa ndalama za maulendo otere ndi zochepa. Izi sizikutanthauza kuti munthu azengereze pamene wapweteka kwambiri kapena akubanika, koma matenda amene angadikire mpaka m'mawa ndi bwino kupita nawo kwa dokotala wa sikimu kapena ku kiliniki ya pa yunivesite.

Chachitatu ndi malire a dziko. Sikimu ya ku South Africa kwenikweni imagwira ntchito m'dziko lomwelo, ndipo wophunzira amene wadwala malungo ali pa tchuthi ku Zomba kapena ku Chipata asayembekezere kuti khadi lake lilandiridwa kumeneko. Masikimu ena amawonjezera chitetezo cha ngozi za paulendo cha masiku owerengeka, ndipo ena amaphatikiza kunyamula thupi la womwalira kubwerera kwawo kudzera ku kampani ina, koma zimenezi si gawo la zimene lamulo limakakamiza, choncho ziyenera kuoneka zolembedwa m'mapepala anu. Nkhani ya maliro ndi yovuta kuikamba pamene mwana akungonyamuka kumene, koma makolo amene anasonkhapo ndalama zobweretsa thupi kuchokera ku Joni akudziwa chifukwa chake iyenera kufunsidwa pachiyambi. Pa nkhani ya malungo, wophunzira amene watentha thupi atangobwerera kuchokera kutchuthi auze dokotala kumene wachokera, popeza ku Johannesburg ndi ku Cape Town malungo safala ndipo dokotala sangawaganizire msanga ngati sanauzidwe.

Chachisanu: kugonekedwa m'chipatala kumafuna chilolezo

Kugonekedwa kulikonse kokonzedweratu kumafuna kuti sikimu ivomereze kaye. Poimba foni khalani ndi nambala yanu ya umembala, dzina la chipatala, tsiku logonekedwa, dzina ndi nambala ya ntchito ya dokotala, nambala ya matenda ya ICD-10, ndi nambala za chithandizo chimene akufuna kuchita, ndipo zonsezi mlembi wa dokotala amakhala nazo. Sikimu idzakupatsani nambala ya chilolezo, imene muyenera kuisunga ndi kuipereka polowa m'chipatala. Chilolezo chimanena kuti chithandizocho chavomerezedwa, koma sichilonjeza kuti bilu iliyonse idzalipiridwa yonse, motero funsani pa foni yomweyo ngati pali ndalama zimene mudzawonjezere nokha.

Pa ngozi palibe amene amayembekezera kuti muimbe kaye foni. Pitani ku chipatala chapafupi, ndipo chilolezo chitengedwe pambuyo pake, mkati mwa nthawi imene sikimu yanu inaika, imene kawirikawiri imakhala tsiku limodzi mpaka atatu. Zipatala zambiri zimaimba zokha, koma udindo umakhalabe wa membala, choncho mnzanu wapamtima akhale ndi chithunzi cha khadi lanu mu foni yake kuti adzathe kuimba inu muli chigonere. Nambala ya ambulansi imene sikimu yanu imalipira imalembedwa pa khadi, ndipo ngati khadi lili kutali, nambala ya 112 imagwira ntchito pa foni ya m'manja iliyonse m'dzikolo.

Chachisanu ndi chimodzi: kapemphedwe ka ndalama

Kwa dokotala ndi famase za pa mndandanda wa sikimu, inu simutumiza kalikonse, chifukwa iwo amatumiza bilu pa kompyuta ndipo sikimu imawalipira mwachindunji. Mumapempha nokha pamene mwalipira ndi ndalama zanu, kapena pamene dokotala wakupatsani bilu m'manja kuti mukaitumize. Lisiti ya makina a khadi la kubanki payokha siikwanira. Chimene sikimu imafuna ndi bilu yatsatanetsatane yosonyeza dzina la sikimu, nambala ya umembala, dzina la wodwala, dzina ndi nambala ya ntchito ya dokotala, tsiku la chithandizo, nambala ya ICD-10, nambala ndi mtengo wa chithandizo chilichonse, ndipo ngati pali mankhwala, dzina lake ndi kuchuluka kwake. Muphatikizepo umboni woti munalipira, apo ayi ndalamazo zingapite kwa dokotala m'malo mobwerera kwa inu, ndipo muonetsetse kuti sikimu ili ndi nambala ya akaunti yanu ya banki ya ku South Africa. Mapepalawa amatumizidwa pa imelo kapena pa apu ya sikimu, ndipo yankho lotsimikiza kuti alandiridwa lisungidwe.

Masiku amene lamulo linaika ndi ofunika kuwasunga pamtima. Bilu iyenera kufika ku sikimu isanathe miyezi inayi kuchokera pa tsiku la chithandizo, ndipo ikachedwa sikimu ili ndi ufulu woikana ngakhale matendawo anali oyenera kulipiridwa. Sikimu ikalandira bilu yolondola iyenera kulipira m'masiku 30. Ikaona kuti biluyo ili ndi cholakwika, iyenera kudziwitsa inu ndi dokotala m'masiku 30, kutchula chifukwa chake, ndi kukupatsani masiku 60 oti muikonze n'kuitumizanso.

Tiyerekeze kuti wophunzira wina ku Pretoria wayamba kumva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba kudzanja lamanja usiku wa pa 14 Malichi, anzake n'kuthamangira naye ku chipatala chomwe si chaboma chapafupi, kumene madokotala apeza kuti apendikisi yatupa ndipo amuchita opaleshoni usiku womwewo. M'mawa mwake mnzake aimba foni ku sikimu ndi kulandira nambala ya chilolezo. Wophunzirayu akatuluka asaganize kuti kudzabwera bilu imodzi, chifukwa m'zipatala zoterezi ku South Africa madokotala amadzigwirira okha ntchito ndipo aliyense amatumiza bilu yake. Kudzabwera ya chipatala, ya dokotala wa m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, ya dokotala wa opaleshoni, ya dokotala wogonetsa tulo, ya labotale imene inayeza magazi, ndi ya amene anajambula m'mimba. Ntchito yake yoyamba ndi kulemba mayina asanu ndi limodziwa pa pepala ndi kuyang'ana pa sitetimenti ya sikimu ngati bilu ya aliyense yafika, popeza imene siinafike pofika pakati pa Julayi ingakanidwe chifukwa chochedwa, ndipo mwini wakeyo adzatembenukira kwa wodwala.

Tinene kuti pa sitetimenti ya mwezi wa Epulo akuona kuti dokotala wogonetsa tulo analemba R9,000, sikimu yalipira R3,600 yokha, ndipo R5,400 yalembedwa kuti ndi ya membala. Ziwerengerozi ndi zongoyerekezera, koma kaonekedwe kake ndi komwe ophunzira amakumana nako. Asathamangire kulipira kapena kuimbira makolo kuti agulitse chimanga. Choyamba ayang'ane nambala ya chifukwa imene sikimu imaika pambali pa mzere uliwonse, imene tanthauzo lake limakhala m'munsi mwa sitetimentiyo. Kenako apemphe bilu yeniyeni kwa dokotalayo ndi kuona nambala ya ICD-10 imene inalembedwa. Ngati palembedwa R10.4, imene imangotanthauza kupweteka kwa m'mimba kosadziwika chifukwa chake, kompyuta ya sikimu siingazindikire kuti awa anali matenda a PMB, ndipo imalipira pa mtengo wake wamba. Nambala zoyamba ndi K35, monga K35.8, ndi zimene zimaimira kutupa kwa apendikisi kwa mwadzidzidzi. Wophunzirayo sangasinthe nambalayo yekha, koma ali ndi ufulu wopempha ofesi ya dokotala kuti iwone ngati nambala yolembedwayo ikugwirizana ndi matenda amene anapezeka pa opaleshoni, ndipo ngati sikugwirizana, aikonze ndi kutumizanso biluyo ili ndi nambala ya chilolezo.

Nambala ikakonzedwa, alembe kalata ku sikimu yopempha kuti biluyo iunikidwenso ngati ya PMB. M'kalatamo atchule tsiku ndi ola limene anafika ku chipatala, anene kuti opaleshoni inachitika usiku womwewo, ndipo afotokoze kuti sanali ndi mwayi wosankha dokotala wogonetsa tulo, popeza mfundo imeneyi ndi imene imasonyeza kuti sanapite kwa dokotala wa kunja kwa mndandanda mwakufuna kwake. Aphatikize kalata yaifupi ya dokotala wa opaleshoni yotsimikiza kuti zinali za mwadzidzidzi. Pa nthawi yomweyo adziwitse ofesi ya dokotala wogonetsa tulo, polemba, kuti biluyo ikuunikidwanso, kuti asaitumize kwa otolera ngongole pamene nkhani ili m'kati. M'maganizo anga, kalata imodzi yolembedwa bwino imaposa kuimba foni kambirimbiri, chifukwa pa foni mumapeza munthu wina tsiku lililonse ndipo simutsala ndi umboni, komabe mukaimba, lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala ya nkhani imene wakupatsani.

Si bilu iliyonse yotsala imene ingakonzedwe motere. Akanakhala kuti wophunzira yemweyu anasankha yekha kukachotsa chotupa chosaopsa pakhungu kwa katswiri amene alibe mgwirizano ndi sikimu, kusiyana kwa mtengo kukanakhala kwake, ndipo chimene chikanatsala ndi kupempha ofesi ya dokotala kuti imuchotsereko kapena imulole kulipira pang'onopang'ono.

Chachisanu ndi chiwiri: sikimu ikakanabe

Yambani ndi njira ya madandaulo ya mkati mwa sikimu, ndipo pemphani kuti chifukwa chokanira chilembedwe, chotchula lamulo la sikimu limene agwiritsa ntchito. Ngati yankho silikukhutiritsani, lembani kwa mkulu wa sikimuyo, amene m'mapepala amatchedwa Principal Officer. Zikakanika pamenepo, dandaulo limapita ku Council for Medical Schemes, kumene kudandaula n'kwaulere, sikufuna loya, ndipo wophunzira wakunja ali ndi ufulu wofanana ndi membala wina aliyense. Fomu yake imapezeka pa tsamba la bungwelo, ndipo pamodzi ndi fomuyo mutumize bilu, sitetimenti ya sikimu, nambala ya chilolezo, kalata ya dokotala ndi makalata onse amene munalemberana ndi sikimu, mutawasanja motsatira masiku. Bungwelo limatumiza dandaulo lanu ku sikimu, imene imapatsidwa masiku 30 kuti iyankhe polemba, kenako limapereka chigamulo, ndipo amene sanakhutire nacho angachite apilo. Ngati maphunziro anu akutha nkhaniyi isanathe, musatseke akaunti yanu ya banki ya ku South Africa, ndipo musinthe imelo imene sikimu ndi bungwelo akugwiritsa ntchito kuti ikhale yanuyanu, chifukwa imelo ya yunivesite ingatsekedwe mukamaliza maphunziro pamene yankho likadali m'njira.